Ali ndi satifiketi ya boma, ofesi ndi katundu: kodi ingakhalebe piramidi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza. Alamu anga andiitanira ku kampani ina yogulitsa tiyi wa zitsamba. Kulowa ndi K180,000, ndipo amakupatsa mabokosi 6 a tiyi. Ukabweretsa munthu umalandira K30,000, ndipo ukakwanitsa awiri, wina kumanzere wina kumanja, amawonjezera K20,000. Mwezi uliwonse uyenera kugula bokosi limodzi pa K30,000 kuti akaunti isatsekedwe, ndipo akuti ife tizigulitsa pa K35,000. Anandionetsa satifiketi ya boma, nambala ya msonkho ndi ofesi yawo ku Lilongwe, ndipo alamuwo analandiradi ndalama pafoni ine ndikuona. Ndikufuna kukongola ku banki mkhonde, koma amuna anga akuti imeneyi ndi piramidi. Kodi piramidi ingakhale ndi mapepala a boma komanso katundu?

Yankho: Inde mayi, ingakhale nazo zonsezo, ndipo mapiramidi amene amakhalitsa n'kudya ndalama za anthu ambiri ndi amene amasamala kukhala nazo. Pa manambala amene mwalembawa, langizo langa ndi loti musakongole ndipo musalowe. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabizinesi, choncho ndikufuna tiwerengere limodzi kuti mukathe kufotokozera alamu anu ndi abambo akunyumba popanda kudalira mawu anga okha.

Tiyambe ndi satifiketi, poti ndi imene yakukhazikani mtima pansi. Kuno ku Malawi kampani imalembetsedwa motsata lamulo la makampani la 2013. Munthu amasankha dzina limene wina sanalitenge, amalemba maina a madairekitala ndi a eni masheya, amapereka adiresi, amalipira ndalama yolembetsera, ndipo pepala limatuluka. Olembetsa makampani sapita kukalawa tiyi, ndiponso sakhala pansi n'kuwerengera ngati mabonasi amene kampani idzalonjeze ali otheka. Imeneyo si ntchito yawo. Satifiketiyo ili ngati kalata ya kubadwa, imene imanena kuti mwana anabadwa tsiku lakuti, dzina lake ndi lakuti, makolo ake ndi akutiakuti, koma sinena kuti mwanayo adzakhala wokhulupirika. Nambala ya msonkho ya ku MRA nayonso ndi chimodzimodzi. Imangosonyeza kuti a msonkho akuidziwa kampaniyo ndipo akuyembekezera gawo lawo.

Pali chinanso chimene okuonetsani satifiketi sanena. Ngati dzina la kampaniyo likuthera ndi Limited, lamulo limaiona kampaniyo ngati munthu woima payekha, wosiyana ndi eni ake. Ikagwa ili ndi ngongole zanu, inu mumalimbana ndi kampaniyo ndi zimene zatsala mu akaunti yake. Nyumba ndi galimoto ya mwini wake simungazigwire pokhapokha khoti litapeza kuti panali chinyengo, ndipo milandu yotero imatenga zaka komanso ndalama za maloya. Choncho pepala limene mukuliona ngati chitetezo chanu limateteza kwambiri eni kampaniwo.

Mapepala amene ali ndi mphamvu ndi zilolezo za ntchito imene kampaniyo ikuchita, ndipo amenewa amachokera kwina. Kampani yolandira ndalama za anthu ndi lonjezo loti idzazisunga kapena kuzichulukitsa iyenera kukhala ndi laisensi yochokera ku Reserve Bank of Malawi, kumene Gavanala ndiyenso woyang'anira mabungwe onse a zachuma motsata lamulo la 2010. Mabanki, ma SACCO, makampani a inshuwalansi, obwereketsa ngongole zing'onozing'ono ndi ogulitsa masheya onse amadutsa kumeneko, ndipo mabuku awo amaunikidwa. Katundu wodyedwa kapena womwedwa ali m'manja mwa a Malawi Bureau of Standards. Ndipo ngati akunena kuti tiyiyo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khansa, ndiye kuti akumugulitsa ngati mankhwala, ndipo mankhwala amalembetsedwa ku bungwe la PMRA. Kawirikawiri kampani zamtunduwu zimakuonetsani pepala losavuta kupeza, n'kukusiyani muziganiza kuti laphimba zonse. Mukafunsa laisensi ya Reserve Bank amayankha kuti iwo si banki, amangogulitsa katundu. Yankho limenelo lisungeni, chifukwa likutanthauza kuti kampani yonseyo iyenera kuima pa katunduyo, ndipo tiona ngati ikuimadi pamenepo.

Nkhani imene imaonetsa bwino kusiyana kwa mapepala awiriwa inachitika ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito. Kampani ya Mirror Trading International inayamba mu 2019, inali yolembetsedwa bwinobwino, inali ndi maofesi, ndipo mkulu wake Johann Steynberg ankaonekera poyera pa misonkhano. Inkauza anthu kuti aike ndalama za pakompyuta zotchedwa bitikoini, pulogalamu ya pakompyuta izichita nazo malonda, ndipo azipeza phindu la pafupifupi K10 pa K100 iliyonse pamwezi, kuphatikizapo bonasi akabweretsa anzawo. Mu Ogasiti 2020 bungwe loyang'anira zachuma m'dzikomo, la FSCA, linachenjeza anthu kuti kampaniyi ilibe laisensi ya ntchito imene ikuchita. Ambiri sanamvere chifukwa ndalama zinali zikutulukabe. Mu Disembala chaka chomwecho Steynberg anasowa, ndalama zinasiya kutuluka, ndipo anakagwidwa ku Brazil patatha chaka. Mu 2023 khoti lalikulu ku Western Cape linagamula kuti bizinesi yonseyo inali yosaloledwa, ya mtundu wa piramidi. Nthawi yonseyi satifiketi yake inali yeniyeni.

Ngakhale zili choncho, pepalalo lingakuuzeni zina mukaliwerenga mosamala. Lembani dzina lenileni ndi nambala zimene zili pa satifiketi, ndipo mukapemphe kufufuza kaundula wa kampaniyo kwa olembetsa makampani, zimene zimatheka polipira ndalama yochepa. Onani tsiku limene inalembetsedwa. Ngati pa msonkhano ananena kuti akhala zaka khumi koma pepala likuonetsa miyezi isanu ndi itatu, mwawapeza kale ndi bodza. Onani ngati dzina la pa satifiketi ndi lomwelo limene lili pa bokosi la tiyi, pa risiti ndi pa akaunti imene mukulipirako. Nthawi zambiri maina amenewa amakhala atatu osiyana, ndipo zinthu zikavuta aliyense amaloza mnzake. Satifiketi ya dziko lina, kaya ya ku Britain kapena ku Dubai, isakuchititseni chidwi n'komwe. Ku Britain munthu amatha kulembetsa kampani pa intaneti tsiku limodzi asanapondeko phazi.

Tsopano tifike pa tiyi, pamene pagona nkhani. Piramidi yopanda katundu imazindikirika msanga, ndipo ndi chifukwa chake anzeru a ntchitoyi amaikapo kanthu kogwirika: tiyi, sopo, khofi, mafuta odzola, makapisozi. Ena amagulitsa zosagwirika, monga maphunziro a pa intaneti. OneCoin, imene Ruja Ignatova anayambitsa ku Bulgaria mu 2014, pa mapepala inkagulitsa maphukusi a maphunziro a zachuma, koma aliyense ankagula kuti apeze ndalama ya pakompyuta imene kunja kwa kampaniyo kunalibe amene ankailandira. Mayiyo anasowa mu 2017 ndipo mu 2022 apolisi a ku America a FBI anamuika pa mndandanda wa anthu khumi ofunidwa kwambiri. Katundu wa mu piramidi ntchito yake ndi yoti ndalama yolowera ioneke ngati malipiro a chinthu chimene mwagula.

Yesero lake mukhoza kulichita Loweruka likubwerali. Tengani bokosi limodzi, werengani kulemera kwake ndi zimene zalembedwa kuti zilimo. Ngati ndi chammwamba, jinja, mandimu kapena tiyi wobiriwira, pitani mu supamaketi kapena mu famase mukafunse mtengo wa chinthu chofanana nacho pa kulemera komweko. Tiyerekeze kuti mwapeza K5,000. Ndiye kuti mabokosi 6 aja mtengo wake weniweni ndi K30,000, ndipo K150,000 yotsalayo simunagulire tiyi. Mwagulira malo mu mndandanda, ndiko kuti ufulu wolandira ndalama kuchokera kwa amene mudzawabweretse. Nambala imene mupeze ikhoza kusiyana ndi yangayi, koma njira yake ndi yomweyo: chotsani mtengo wa pamsika pa ndalama yolowera, ndipo chotsalacho ndi mtengo wa malo.

Adzakuuzani kuti tiyi wawo ndi wapadera, sangafanane ndi wa mu shopu, ndipo mukagulitsa mabokosi onse 6 pa K35,000 mupeza K210,000, mwabweza kale mpamba. Pa pepala n'zoona. Koma funsani alamu anu, mwaulemu ndiponso muli awiri, kuti mwezi wathawu anagulitsa mabokosi angati kwa anthu amene si mamembala ndipo sakufuna kukhala mamembala. Funsaninso kuti mwa amenewo ndi angati anabweranso kudzagula kachiwiri. Ogula obwereza ndiwo umboni woti katundu ali ndi msika. Wogulitsa tomato pa msika wa Dedza amawadziwa makasitomala ake a tsiku ndi tsiku, koma mu kampani zamtunduwu mumapeza kuti ogula tiyi ndi mamembala okhaokha, ndipo akugula chifukwa cha lamulo la mwezi ndi mwezi lija. Mabokosi amadzaza pansi pa bedi, ena amawagawa kwa achibale, ena amawagulitsa pa theka la mtengo kuti apezeko kangachepe. Mukaona mamembala akale akutsatsa katundu wa kampani yawo motchipa kuposa mtengo wa kampaniyo, dziwani kuti msika wa kunja kulibe.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa zimandipweteka mtima. Kuti bokosi la K5,000 ligulidwe pa K35,000, wogulitsa amakakamizika kulonjeza zozizwitsa, ndipo amene amakhulupirira msanga ndi odwala. Munthu wa shuga, wa kuthamanga kwa magazi kapena amene akumwa ma ARV akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha tiyi amene mwamugulitsa inuyo, mphunzitsi amene anthu amakukhulupirirani, zimene zingatsatire n'zazikulu kuposa ndalama. Ngakhale mutapanda kulowa, alamu anu auzeni zimenezi.

Palinso funso lachidule limene limawasowetsa mtendere: ndikafuna kutuluka, kodi kampani idzalandiranso mabokosi amene sindinagulitse n'kundibwezera ndalama? Funso limeneli si lopeka ine. Mu 1979 bungwe loona za malonda ku America, la FTC, litaunika kampani ya Amway linapeza kuti si piramidi, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali zakuti kampaniyo inali ndi lamulo logulanso katundu wotsala, komanso lokakamiza ogulitsa ake kugulitsadi kwa makasitomala a kunja asanalandire bonasi. Kampani yokhulupirira katundu wake siopa kumulandiranso, chifukwa ikudziwa kuti amugula ena. Imene ikukana ikudziwa mtengo weniweni wa bokosilo. Yankho lake mulione lolembedwa mu mgwirizano, osati longonenedwa pakamwa pa msonkhano.

Tsopano tiwerengere malipiro, ndipo apa ndikupemphani mutenge pepala ndi cholembera. Mukagulitsa bokosi limodzi mupeza K5,000. Mukabweretsa munthu mmodzi mupeza K30,000, ndipo akakhala awiri ndi K80,000 pamodzi ndi bonasi ija. Munthu mmodzi akufanana ndi mabokosi 6, ndipo anthu awiri akufanana ndi mabokosi 16. Kampani imakuuzani ntchito imene ikufuna kwa inu kudzera mu zimene imalipira kwambiri, ndipo iyi ikufuna anthu. N'chifukwa chake pa misonkhano yawo amatha mphindi zochepa pa tiyi ndi maola awiri pa kumanzere ndi kumanja, magalimoto ndi maulendo a kunja.

Kuti mubweze K150,000 ya malo ija mufunika anthu anayi, chifukwa anayi akupatsani K120,000 ndi mabonasi awiri a K20,000, zonse pamodzi K160,000. Taonani tsono kumene ndalamazo zikuchokera. Anthu anayiwo alipira K720,000. Tiyi amene alandira, pa mtengo wa pamsika uja, ndi wa K120,000. Inu mwalandira K160,000. Yotsala, K440,000, yakwera kwa amene ali pamwamba panu ndi kwa eni kampani. Palibe kasitomala wa kunja amene waponyapo ngakhale tambala imodzi. Ndalama imene alamu anu analandira pafoni inu mukuona inali yeniyeni, koma inatuluka m'thumba la munthu amene anangolowa kumene, ndipo mukalowa inu, K30,000 yotsatira imene adzalandire idzachokera mu ngongole yanu ya ku banki mkhonde.

Lamulo la bokosi la mwezi uliwonse limasintha masamu amenewa kukhala oipa kwambiri. Mwezi uliwonse mukupereka K30,000 pa chinthu cha K5,000, kutanthauza kuti K25,000 ikupita osabwerera. Ngati kupeza anthu anayi kungakutengereni miyezi 6, mwatayanso K150,000 ina, ndipo mukufunika anthu ena anayi kuti mufike pamene munayambira. Apa sitinawerengere thiransipoti ya ku Lilongwe, bandulo, mayunitsi oimbira anthu, ndiponso chiwongola dzanja cha ku banki mkhonde, chimene chimayamba kuwerengedwa mwezi woyamba womwewo kaya mwapeza munthu kaya ayi. Lamulo limeneli ndi limene limapangitsa mabuku a kampani kuoneka ngati ikugulitsa katundu wambiri, pamene ikungotolera ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa mamembala ake omwe.

Za kumanzere ndi kumanja nazo zili ndi msampha wake. Bonasi imabwera pokhapokha mbali ziwirizo zikalingana. Mukhoza kukhala ndi anthu khumi kumanzere ndi mmodzi kumanja, n'kulandira bonasi ya awiri okha, ena onsewo akupindulitsa kampani. Mu kampani zambiri zotere mumakhalanso malire a mabonasi amene munthu angalandire patsiku kapena pasabata, ndipo zopitirira pamenepo zimafufutidwa. Zimenezi zimakankhira anthu kugula malo achiwiri ndi achitatu m'maina a ana awo kapena a amuna awo kuti adzaze mbali yoperewera. Mukamva wina akulangiza kuti ndi bwino kulowa ndi maakaunti atatu kapena asanu ndi awiri nthawi imodzi, dziwani kuti tiyi waiwalika, chifukwa palibe wogulitsa katundu amene amafunika kudzilembetsa katatu kuti agulitse zambiri.

Mwina mukuti, anthu anayi ndiwapeza ine, ndili ndi aphunzitsi anzanga ndi amayi a kutchalitchi. N'zotheka. Koma anayiwo aliyense afunika ake anayi, ndiye 16. Amenewo afunika 64, kenako 256, kenako 1,024. Mukapitiriza kuchulukitsa ndi 4, inuyo mutakhala mzere woyamba, mzere wa nambala 13 wokha ufunika anthu 16,777,216, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi yense ali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Ndipo sizidikira kufika kumeneko, chifukwa anthu a ku Dedza amene angatulutse K180,000 n'kumawonjezera K30,000 mwezi uliwonse ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo ena awafikira kale.

Nambala imene ndimafuna anthu aigwire ndi iyi. Tengani mizere isanu yoyamba: 1, 4, 16, 64 ndi 256. Onse pamodzi ndi 341, ndipo 256 mwa iwo ali pa mzere wapansi, sanabweretse aliyense. Amenewo ndi anthu atatu mwa anayi alionse. Muwonjezere mizere ina mmene mungafunire, gawolo silisintha. Tsiku lililonse limene piramidi yotere ingaime, kaya mawa kaya zaka zisanu zikubwerazi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse adzakhala asanabweze ndalama zawo. Sizidalira kulimbikira kwa munthu, ngakhale atsogoleri ake amakonda kunena kuti olephera ndi aulesi. Onse atalimbikira mofanana, mzere wapansi ukhalapobe, ndipo ndi umene umalipira ena onse. Inuyo mukapambana, ndiye kuti otayawo ndi amene anakukhulupirirani.

Pa misonkhano yotere amakonda kunena kuti ngakhale chipereganyu ndi banki mkhonde ndi anthu kupatsana ndalama. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Mu chipereganyu cha anthu khumi osonkha K20,000, aliyense amapereka K200,000 ndipo amalandira K200,000, gulu ndi lotsekeka ndipo silifunika munthu wa nambala 11 kuti wa nambala 10 alandire. Ku banki mkhonde phindu limachokera ku chiwongola dzanja chimene mamembala obwereka amalipira, lolembedwa m'buku limene nonse mumaliona, ndipo mumagawana pakutha pa chaka. Zonse ziwirizi zimayenda bwinobwino popanda membala watsopano. Funso lomwelo lifunseni kwa kampaniyi: kuyambira lero atapanda kulowa munthu wina aliyense, ndipo mamembala atamasulidwa ku lamulo logula mwezi uliwonse, kodi mabonasi achokera kuti?

Sindikunena kuti kampani iliyonse yogulitsa kudzera mwa anthu ndi piramidi. Zilipo zimene wogulitsa amalandira komishoni pa katundu amene wafika kwa kasitomala, ndipo womuphunzitsa ntchito amalandirako kagawo kochepa pa malonda omwewo. Malire ake anaoneka bwino mu 2016, pamene kampani ya Herbalife inagwirizana ndi FTC kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake ku America, kuti mbali yaikulu ya mabonasi izichokera pa malonda otsimikizika kwa ogula enieni, osati pa katundu amene mamembala akugula kuti akwere udindo. Mu kampani yoyenda bwino, kulowa kumakhala kwaulere kapena kotchipa, kungolembetsa munthu sikubweretsa ndalama iliyonse mpaka munthuyo atagulitsa kanthu, ndipo palibe amene amakutsekerani akaunti chifukwa mwezi uno simunagule. Kampani ya alamu anu yalephera pa zitatu zonsezi.

Chotsala ndi njira imene ndalama zimadutsa. Funsani kuti K180,000 mukaipereka kuti. Kampani yeniyeni imalandira mu akaunti ya kubanki kapena pa nambala ya bizinesi ya Airtel Money kapena Mpamba yokhala ndi dzina la kampaniyo, ndipo imapereka risiti yonena chimene mwagula. Akakuuzani kuti mutumize pa nambala ya munthu, kapena mupereke pamanja kwa amene wakubweretsani kuti iye akugulireni nambala yolowera, ndiye kuti mabuku a kampani sadzaonetsa kuti munalipirapo kanthu, ndipo tsiku la mlandu wokhala ndi dzina pa umboni adzakhala mlamu wanu. Onaninso mmene ndalama zimatulukira. Manambala ooneka pa foni mu akaunti ya kampani si ndalama kufikira atalowa m'manja mwanu. Mapeto akayandikira zizindikiro zimakhala zofanana kulikonse: tsiku lotapa ndalama limasunthidwa, ndalama yochepetsetsa imene mungatape imakwezedwa, gawo la bonasi limasandutsidwa mapointi ogulira tiyi wina, kenako amalengeza kuti akukonza makina, uku akutsitsa mtengo wolowera kuti anthu athamangire. Piramidi ya MMM ya Sergei Mavrodi, imene inkalonjeza K30 pa K100 iliyonse pamwezi ndipo inafika ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria, inaimitsa maakaunti a anthu ku Nigeria mu Disembala 2016 ndi lonjezo loti ndi kwa mwezi umodzi wokha, ndipo ambiri sanazionenso ndalama zawo. Akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama ina kuti zanu zituluke, musawonjezerepo ngakhale kwacha imodzi.

Kunena za alamu anu, musawatenge ngati akuba. Ambiri oitana anzawo amakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ena aikamo kale zambiri moti kuvomereza kumawavuta. M'malo mokangana nawo za dzina loti piramidi, apempheni kuti mulembere limodzi mizere iwiri, wina wa zonse zimene apereka kuyambira tsiku lolowa, kuphatikizapo mabokosi a mwezi ndi mwezi ndi maulendo, wina wa ndalama zimene zinalowadi pa foni kapena kubanki kwawo. Anthu ambiri amakumbukira zimene analandira koma sanawonkhetsepo zimene anapereka. Kukana kwanu kukhale kwachidule, kuti ndalama ya ngongole simungaiike pa bizinesi imene phindu lake likudalira kubweretsa anthu, ndipo musalole kuti akulipirireni ndi lonjezo loti mudzabweza mukayamba kulandira.

Akaona okha kuti zinthu sizili bwino, choyamba asiye kuitana anthu ndi kugula bokosi la pamwezi, chifukwa aliyense amene amubweretsa kuyambira pamenepo adzabwera pakhomo pawo kudzafuna ndalama zake, ndipo lamulo likhoza kuwaona ngati otenga nawo mbali. Atape zonse zimene zingatuluke lero lomwe. Asunge mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, marisiti, mapepala ofotokoza mabonasi ndi zithunzi za mauthenga a m'gulu la WhatsApp asanachotsedwemo, popeza magulu amenewa amatsekedwa msanga zinthu zikayamba kuvuta. Alembere kampaniyo kalata yopempha kubweza mabokosi otsala ndipo asunge kope yake. Dandaulo lokhudza kagulitsidwe kotere limapita ku Competition and Fair Trading Commission, lokhudza kulandira ndalama za anthu popanda laisensi limapita ku Reserve Bank, ndipo ngati eni ake atseka ofesi kapena asiya kuyankha mafoni, akanene ku polisi, ku nthambi yoona milandu ya zachuma, ali pamodzi ndi anzawo ena amene analipira.